Musagule khadi musanawerenge zimene kompyuta yalemba

"Abale, gemu yanga ikumangotseka yokha ndikasewera mphindi 20, ndipo nthawi zina sikirini imasanduka yabuluu. Wokonza akuti ndigule khadi la zithunzi latsopano. Ndingadziwe bwanji ngati vuto ndi gemu, ndi Windows, kapena ndi chipangizo chimene chikufa?"

Achimwene, ndalamazo zigwireni kaye, chifukwa mawu amenewo ndi omwewo amene ine ndinauzidwa, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira. Wokonza amene ndinamupititsira kompyuta yanga anangoyatsa gemu, itatseka pamaso pake iye n'kunena kuti khadi latopa. Ndinamukhulupirira, ndinasunga ndalama kwa miyezi itatu, ndipo khadi latsopanolo ndinagula kwa iye yemweyo.

Usiku umene ndinaliika ndinasewera mosangalala kwa theka la ola, ndikuganiza kuti mavuto atha. Pa nthawi yeniyeni imene gemu inkasunga pamene ndinafika, chithunzi chinauma, mawu anakakamira n'kumangolira ngati njuchi, kenako sikirini inasanduka yabuluu italemba kuti MEMORY_MANAGEMENT. Nditayatsanso, fayilo imene munali zonse zimene ndinasewera kwa miyezi isanu inakana kutseguka, chifukwa makina anagwa ili mkati molembedwa, ndipo ndinalibe ina yapadera. Ndinakhala pampando manja ali lende, bokosi la khadi lidakali pansi pafupi ndi mapazi anga. M'mawa mwake nditamuimbira munthu uja, sanapepese n'komwe, anangoti ndiye kuti pawa sapulayi nayonso yatopa, ndipo ali nayo ina yogulitsa. Munthu wotere si wokonza ayi, amangolosera ndi ndalama za anzake, ndipo chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti umboni wonse unali m'kompyuta momwemo, iye osafuna kuuyang'ana ngakhale kwa mphindi zisanu.

Umboniwo uli mu Event Viewer, pulogalamu ya Windows imene imasunga mbiri ya zolakwika zimene zachitika m'kompyuta. Mukatsegula Windows Logs kenako Application, fufuzani zolakwika za nambala 1000, chifukwa pulogalamu ikagwa imasiya mzere wakuti Faulting module name, umene umatchula fayilo imene inali kugwira ntchito pa nthawi ya ngoziyo. Ine ndinapeza zolakwika 11 zokhala ndi mayina osiyanasiyana, ndipo ziwiri sizinali za gemu n'komwe, zinali za pulogalamu yotsegulira intaneti. Apa m'pamene maso anga anatseguka. Vuto la m'gemu silisinthasintha: limabwera pamalo amodzimodzi, limatchula fayilo imodzimodzi, ndipo kawirikawiri mupeza kuti osewera ena akudandaulanso za malo omwewo. Koma kugwa kosasankha malo, lero apa mawa apo, kumaloza chinthu chimene mapulogalamu onse amadalira. Dziwaninso kuti gemu payokha kawirikawiri imangofa yokha n'kukubwezerani pa sikirini yoyambira. Kuti makina onse agwe mpaka buluu, pamakhala vuto la chipangizo kapena la dalaivala, pulogalamu imene imathandiza Windows kuyendetsa chipangizo, ngakhale kuti magemu ena amabwera ndi dalaivala wawo woletsa kubera, amene angathe kugwetsa makina.

Mu Windows Logs momwemo, pansi pa System, pali manambala awiri oyenera kuwadziwa. Nambala 4101 yochokera ku Display imatanthauza kuti dalaivala wa khadi anasiya kuyankha kwa masekondi awiri, Windows n'kumuyambitsanso, ndipo zikatero sikirini imada kwa kanthawi. Nambala 41 ya Kernel-Power imasokoneza anthu ambiri chifukwa cha dzina lake, koma imangonena kuti kompyuta inazima mosatsata ndondomeko, sitchula chimene chinaizimitsa.

Kuchokera pamenepo ndinayamba kuchotsa oganiziridwa mmodzimmodzi, ndikusintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi n'kulemba papepala, chifukwa mukasintha zitatu pamodzi vuto n'kutha, simudzadziwa chimene chachiza. Ndinatsimikizira mafayilo a gemu, kenako ndinayesa gemu ina yolemera, nayonso inagwa, choncho gemu yoyamba ija inalibe mlandu. Ndinachotsa dalaivala wa khadi ndi Display Driver Uninstaller ndili mu Safe Mode n'kuika wina, koma palibe chinasintha. Kutentha ndinakuyang'ana ndi HWiNFO64 gemu ili mkati, ndipo pulosesa ndi khadi zinali pafupi ndi madigiri 70, komwe si kutentha koopsa. Kenako ndinatsegula Command Prompt ngati woyang'anira n'kulemba kuti:

```
sfc /scannow
```

Lamulo limeneli linapeza mafayilo owonongeka a Windows n'kuwakonza, ndipo ndinasangalala poganiza kuti wolakwa wapezeka. Patapita masiku awiri gemu inagwanso. Apa musapusitsike monga ndinachitira ine, pakuti mafayilo owonongeka akhoza kukhala zipsera chabe, chowavulaza chili kwina. Chilichonse cholembedwa pa disiki chimadutsa kaye mu ramu, chipangizo chimene chimasunga kwa kanthawi zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito, ndiye ngati ramu ikulakwitsa, imawononga mafayilo mwakachetechete.

Chimene chinathetsa nkhani ndi MemTest86, pulogalamu yoyesera ramu, imene mumaiika pa fulashi n'kuyatsira kompyuta kuchokera pamenepo. Ubwino wake ndi wakuti imagwira ntchito Windows isanadzuke, choncho gemu, madalaivala ndi Windows zonse zimakhala kunja kwa mlandu, ndipo cholakwika chilichonse chimene chingaoneke n'cha zipangizo kapena mmene zatcheredwera. Zolakwika zinayamba kuoneka mphindi khumi zisanakwane. Sindinathamangire kugula ramu, chifukwa nthawi zina imalakwitsa kamba kothamangitsidwa mopitirira, choncho ndinalowa mu BIOS n'kuzimitsa XMP, imene imawonjezera liwiro la ramu, koma zolakwika zinapitirirabe. Ndinali ndi timabodi tiwiri ta ramu, kalikonse ka magigabaiti 8. Nditazimitsa makina n'kuzula chingwe cha magetsi, ndinasiya kamodzi kokha, ndipo kanamaliza maulendo anayi popanda cholakwika. Kachiwiri nditakaika pamalo omwewo kanayamba kulakwitsa posakhalitsa. Ndinakasamutsira pamalo ena kuti ndione ngati vuto lili pa madabodi, koma zolakwika zinakatsatira komweko. Ndinakachotsa, ndinabwezera khadi langa lakale lija lomwe ankati latopa, ndipo ndinasewera mlungu wathunthu popanda kugwa ngakhale kamodzi. Cholakwika chimodzi chokha pa mayeso amenewa n'chokwanira kusonyeza kuti pali vuto, koma kupambana ulendo umodzi sikutsimikizira kuti ramu ili bwino, n'chifukwa chake ndi bwino kuisiya usiku wonse.

Ngakhale ndanena zonsezi, musathamangire kutsegula kompyuta chifukwa cha nkhani yangayi, pakuti nthawi zambiri wolakwa amakhala dalaivala kapena fayilo ya gemu, zimene zimakonzeka popanda kugwira sikuluu. N'zothekanso kuti wokonza wanuyo akunena zoona. Ngati mukuona timadontho kapena mizere yachilendo pa sikirini, ndipo nambala 4101 ikubwerabe mutaika dalaivala mwatsopano, khadi liyenera kukayikiridwa, koma mubwereke la mnzanu muyesere tsiku limodzi musanalipire chilichonse. Ngati kompyuta ikuzima mwadzidzidzi ngati magetsi athima pamene gemu yalemera, yang'anani kutentha ndi pawa sapulayi. Ngati mukuopa kugwira zamkati, pitani nayo kwa wokonza ndithu, koma muime pomwepo akuonetseni mayeso amene wachita. Poyamba tilembereni pano mayina amene ali pa Faulting module name pa kugwa kutatu komaliza, pamodzi ndi mawu amene amalembedwa sikirini ikasanduka yabuluu.