Amalume akamati chithunzi sichikutseguka

"Agogo, amalume anga anandifunsa pa WhatsApp za msonkhano wa makolo kusukulu ya mng'ono wanga. Ndinawatumizira chithunzi cha kalata ndi uthenga wa mawu wa mphindi zinayi. Patapita masiku awiri anangoyankha kuti 'sizikutseguka'. Ndikaopa kulemba mwachidule n'chifukwa choti angaone ngati mwano. Nditani?"

Mdzukulu wanga, mtima wako unali wabwino, koma unawasenzetsa amalume ako mtolo umene foni yawo singanyamule. Tiye tiuyeze mtolowo.

Mawu olemba ndi opepuka zedi. Uthenga wa mizere itatu sufika ngakhale kilobaiti imodzi. Chithunzi chochokera mu kamera ya foni yamakono chimatha kukhala mamegabaiti atatu, ndipo megabaiti imodzi ili ndi makilobaiti pafupifupi 1,000. WhatsApp imachifinya ndithu chisanapite, komabe chimalemera kuposa mawu aja kambirimbiri, ndipo ukachitumiza ngati dokyumenti chimapita chathunthu. Tsono foni ikamaonetsa chilembo E pakona, ndiye kuti ili pa netiweki yakale ya 2G. Tiyerekeze kuti ikukoka makilobiti 100 pa sekondi, pajatu makilobiti asanu ndi atatu ndiwo kilobaiti imodzi: mamegabaiti atatu aja afuna mphindi zinayi netiweki isanaduke. Ikaduka pakati, kachizindikiro kamangozungulira, bando ikudyeka, kalata osaoneka. Ndipo ikatseguka, malemba a pepala lonse pa kasikirini kakang'ono amakhala ngati nyerere.

Uthenga wa mawu uja ndiwo unandikhumudwitsa kwambiri. Sulemera ngati vidiyo ayi, koma munthu sangauponye diso n'kutola chimene akufuna. Ayenera kuukoka wonse, kupeza pachete, n'kumvetsera malonje ako mpaka ufike pa tsiku la msonkhano. Akaiwala nthawi, ayambirenso.

Ukanalemba chonchi:

"Amalume, mwaswera bwanji? Msonkhano uli Lachinayi 9 koloko m'mawa, muholo ya sukulu. Mutenge chiphaso chanu ndi lisiti la fizi. Mukalandira muyankhe kuti eya."

Taona, moni ulipo, "mu" waulemu alipo. Mwano uli pati? Zimene zachoka ndi zimene amalume sanafunse. Iwe unali ndi kalata m'manja ndi netiweki yabwino, choncho ntchito yowerenga ndi kusankha zofunika inali yako. Kungojambula pepala n'kuponya kunali kuwapatsira ntchitoyo iwo.

Uonenso kuti zonse zili mu uthenga umodzi. Achinyamata inu mumakonda kudontheza: moni payekha, kenako kudikira yankho, kenako nkhani m'zidutswa zisanu. Kwa munthu amene amayatsa data kamodzi madzulo, kapena amene netiweki imamupeza akaima malo amodzi okha, moni wodikira yankho amadya tsiku lathunthu. Ika moni, yankho ndi chimene ukufuna kwa iwo pamodzi, ndipo funso lako likhale loti ayankhe ndi liwu limodzi.

Nanga ungadziwe bwanji kuti mnzako ali pa foni yotere? Usamufunse, zimachititsa manyazi. Zizindikiro zimaoneka zokha. Uthenga wako umakhala ndi kachongi kamodzi kwa maola ambiri, kutanthauza kuti wachoka kwa iwe koma sunalowe m'foni yake. Mayankho ake amabwera atatu nthawi imodzi kenako zii. Amayankha zolemba zokha, za m'chithunzi osazitchula. Izi sizitsimikizira kanthu, pajatu wina amangokhala wotanganidwa kapena batire yamuthera. Koma ukalemba mopepuka kwa munthu wa foni yabwino sataya chilichonse, pamene ukalemba molemera kwa wa foni yofooka uthenga sufika.

Kachongi kakakhala kamodzi mpaka mawa, nkhani ili yachangu, tumiza SMS, chifukwa iyo sifuna data. Pamenepo pali msampha umene ambiri saudziwa. SMS imodzi imanyamula zilembo 160, ndipo uthenga ndakulembera uja ukukwana. Koma ukangoikamo kankhope koseka kamodzi, kapena chilembo ŵ, malire amatsika kufika pa 70, uthenga womwewo n'kugawika patatu. Pa mafoni ena akale kankhopeko kamangooneka ngati kabokosi. Lemba w wamba, amalume amva.

Chithunzi chilipo pamene chimafunikadi, monga ngati akufuna kuona siginecha kapena chidindo. Zikatero yamba walemba mfundo zonse m'mawu, kenako unene kuti, "Ndili ndi chithunzi cha kalatayo, ndikutumizireni?" Akavomera, dula chithunzicho patsale mbali yofunikayo, utumize chimodzi chokha. Za masiku awiri aja usawadandaulire. Lero lomwe alembere tsiku ndi nthawi, Lachinayi lisanafike.