Dzanja langa likusokonezeka pa 6/8: ndimenye katatu kapena kawiri?

"Achimwene, andisankha kukhala kondakita wa kwaya ya kutchalitchi kwathu. Nyimbo ya 3/4 ndimaikwanitsa, koma ikabwera ya 6/8 ndimamenyabe katatu poti makweva ake ndi 6 konsekonse. Oimba akuti ndikuwasokoneza. Kusiyana kwake kuli pati?"

Achemwali, oimba anuwo akunena zoona. Masamu anu ndi olondola, chavuta ndi kagawidwe ka makwevawo. Mu 3/4 amayenda awiriawiri, ndiye mabiti ndi atatu, ndipo kulemera kumagwera pa kweva yoyamba, yachitatu ndi yachisanu. Mu 6/8 amayenda atatuatatu, mabiti ndi awiri basi, kulemera kuli pa yoyamba ndi yachinayi. Mukamenya katatu pa 6/8, dzanja lanu limagwirizana ndi oimba poyambira bala pokha. Biti yawo yachiwiri imagwera pakati pa mabiti anu awiri, pamene dzanja lili m'malere. N'chifukwa chake akukuyang'anani ndi diso lachilendo.

Ngati kwaya yanu imawerenga solofa, kusiyanako kumaoneka ndi maso:

```
3/4  | d .d : d .d : d .d |
6/8  | d : d : d | d : d : d |
```

Mzere wapakati pa 6/8 uja, womwe m'mabuku umalembedwa waufupi, ndiye biti yanu yachiwiri.

Koma maso sathandiza kwenikweni thupi likadakana. Imirirani, muyende pamalo amodzi. Nenani kuti "nsima, nsima, nsima", phazi likuponda pa "nsi" aliyense. Imeneyo ndi 3/4. Muona kuti bala yoyamba ikayambira phazi lamanzere, yachiwiri iyambira lamanja, chifukwa mapazi ndi awiri koma mabiti ndi atatu. Tsopano 6/8. Apa pali msampha umene ine unandikola kale. Ndinauza oimba kuti azinena "chimanga, chimanga" akuponda pa "chi", koma lilime lathu limakoka silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye aliyense ankalemeretsa "ma". Musalimbane nalo lilime. Lolani "chi" abwere phazi lisanatsike, muponde pa "ma": chi-MA-nga-chi-MA-nga-chi-MA-nga. Manzere, manja, bala yatha, ndipo bala iliyonse iyambira phazi lomwelo. Thupi limayamba kugwedera lokha uku ndi uku ngati mukutonthoza mwana kumsana.

Dzanja likhale ngati phazilo. Pa 3/4 mumadziwa kale: pansi, kumanja, m'mwamba. Pa 6/8 ndi pansi, m'mwamba, kwatha. Tiyerekeze kuti makweva akuyenda 180 pa mphindi. Bala ya 3/4 ndi ya 6/8 zonse zitenga masekondi awiri, koma pa 3/4 dzanja limenya ka 90 pa mphindi, pomwe pa 6/8 limenya ka 60 kokha. Ndiye mudzamva ngati mukuchedwa, ngati dzanja lasowa ntchito. Apa m'pamene ambiri amabwerera ku katatu kuja. Pirirani. Dzanja likatsika linjanje pang'ono ngati mpira, lidzaze nthawi ya makweva atatuwo mozungulira, osati kuima chilili kudikira biti ina.

Mudzadziwa kuti kwaya sinamvebe 6/8 mukamvetsera noti yaitali yotsatana ndi yaifupi. Yaitaliyo imatenga makweva awiri, yaifupi imodzi. Oimba osakhazikika amazisandutsa zofanana, nyimbo n'kumamveka ngati ya perete, kapena amaichedwetsa yaifupiyo n'kuikankha ngati ntchofu ikuwatsamwitsa. Mankhwala ake ndi kugawa kwaya: mabesi ndi matenala aombe m'manja makweva onse 6 motsitsa, masopulano ndi maaluto aimbe pamwamba pake. Kenako asinthane.

Nyimbo ikakhala yodekha kwambiri, ngati ija ya Khirisimasi yotchedwa Silent Night imene Franz Gruber anaipeka mu 6/8 m'chaka cha 1818, mabiti awiri amatalikirana mwakuti oimba amasochera pakati. Pamenepo mutha kumenya ka 6, koma yoyamba ndi yachinayi zikhale zazikulu, zinayi zotsalazo zingokhala kakugwedeza kwa mkono. Mukazikulitsa zonse mofanana, nyimbo imalemera ngati ngolo yodzaza njerwa. Nyimbo yomweyo mabuku ena amaisindikiza mu 3/4, bala imodzi yakale n'kukhala mabala awiri, ndiye onani kaye buku limene oimba agwira.

Pomaliza yesani ichi patebulo kunyumba. Dzanja lamanja limenye katatu, lamanzere kawiri, m'nthawi imodzi: onse pamodzi, lamanja, lamanzere, lamanja. Amene anakulira pafupi ndi ng'oma adzazindikira kamvekedwe kameneka msanga. Zikayamba kuyenda, muzilemeretsa lamanja mabala anayi, kenako lamanzere mabala anayi, liwiro osalisintha. Lamanzere likamatsogolera popanda lamanja kulilanda, pitani nalo ku pulakatisi Loweruka.