Kamphete kowala pa chithunzi cha ubongo: chithupsa, khansa kapena nyongolotsi?

"Mlongo wanga wa zaka 24 anagwa n'kuyamba kuphupha ali pa kabaza ku Luwinga, chikhalirecho sanadwalepo khunyu. Atamujambula mutu pa CT, lipoti likuti kuli kamphete kamodzi kowala, ka mamilimita 11, kokhala ndi kadontho m'kati. Alibe HIV, thupi silikutentha. Kunyumba tonse tikuti ndi khansa. Kodi n'zoona?" Wolemba ndi mayi wa ku Chibavi.

Achemwali, mpheteyo payokha si dzina la matenda. Asanajambule amabaya mankhwala mu mtsempha, aja amatenthetsa thupi lonse kwa kamphindi. Ubongo wabwinobwino suwalola kutuluka m'mitsempha. Pamene pavulala, mitsempha imadontha, mankhwala n'kuunjikana m'mbali mwa chotupa. Pakati pamakhala pakuda chifukwa pali mafinya, madzi kapena mnofu wakufa, pomwe magazi safika. Matenda osiyana kotheratu amajambula mphete yomweyo. Choncho dokotala amayang'ana khoma lake, kukula kwake, zili m'katimo, kenaka mwini mutuyo.

Chithupsa cha mafinya chimakhala ndi khoma losalala, lopyapyala, ngati wina walizunguliza ndi kampasi, ndipo ubongo wozungulira umatupa kwambiri. Nthawi zambiri chili ndi kochokera: khutu lotuluka mafinya kwa miyezi, dzino lowola, bala la m'mutu. Chimathamanga, masiku kapena masabata ochepa munthu wafooka. Koma musadalire kutentha thupi kokha, pafupifupi theka la odwala chithupsa satentha. Pa makina ena ojambulira a MRI pali chithunzi chotchedwa DWI, pomwe mafinya amawala mbee, pamene pakati pa khansa nthawi zambiri pamada.

Khansa khoma lake ndi lochindikala, lokumbikakumbika, uku lonenepa uku lowonda. Imakonda achikulire. Ikakhala yochokera kwina, monga ku mapapo kapena ku bere, mphete zimatha kukhala zingapo, n'chifukwa chake amajambulanso chifuwa.

Tsono tibwere kwa mlongo wanu. Wachinyamata, kuphupha koyamba, mphete imodzi yosafika mamilimita 20, kadontho m'kati. Ine zimenezi zikundilozera ku kathumba ka nyongolotsi ya nkhumba, ndipo kadonthoko kangakhale mutu wa kamwana ka nyongolotsiyo. Kathumbaka kakakhala kamoyo kamabisala, sikawala n'komwe, munthu amatha zaka osadziwa. Kakayamba kufa m'pamene thupi limakazindikira n'kuyamba kulimbana nako, pozungulira n'kutupa, mphete n'kuoneka, munthu n'kugwa. Pamapeto pake kamafota, mwina kuzimirira, mwina kusanduka kamwala koyera.

Ndikudziwa wina kunyumbako wanena kale za nkhumba ya pachiwaya. Nyama yosapsa, ya timatuza toyera ngati mpunga ija, imapereka nyongolotsi ya m'matumbo. Ya mu ubongo imabwera munthu akameza mazira ochokera m'chimbudzi cha munthu amene ali ndi nyongolotsiyo, kudzera m'manja osasamba, madzi kapena masamba. Ngakhale wosadya nkhumba amadwala. Ndiye a m'nyumba mwanu nawonso akayezetse chimbudzi.

Chomwe chimasokoneza kwambiri kuno kwathu si khansa ayi, koma chotupa cha TB, chomwe chimatha kufanana ndi kathumbaka ngati mapasa. Cha TB chimakonda kupitirira mamilimita 20, m'mbali mwake mosalongosoka, nthawi zina chikukankhira ubongo mbali ina. Akafunsa za chifuwa, kuwonda ndi thukuta la usiku, muyankhe mosabisa. Zoti alibe HIV zathandizanso, chifukwa kwa munthu amene CD4 yatsika pansi pa 100, choyamba kuganizira ndi kachilombo kena kotchedwa tokisopulazima.

Madokotala akatsimikiza kuti ndi nyongolotsi, choyamba ndi mankhwala oletsa kuphupha. Kenaka alubendazo, mamiligalamu 15 pa kilo iliyonse patsiku, kwa sabata imodzi kapena awiri. Mlingowu amaugawa kawiri patsiku. Chonde musakagule nokha ku famase. Mankhwalawa akapha kathumba, kutupa kumayamba kwawonjezeka, n'chifukwa chake amaperekera limodzi ndi mankhwala ochepetsa kutupa monga puledinisoloni, ndipo amayamba aona m'maso, kuopa kathumba kena kobisala kumeneko kangawononge diso.

Pakatha miyezi pafupifupi 6 amajambulanso. Ka nyongolotsi kamakhala katachepa kapena katasowa. Kakakula, ndiye kuti sikanali komweko, ndipo nkhani imapita kwa madokotala a opaleshoni ya ubongo ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Pakadali pano kabaza ayambe wamusiya, asakhale yekha pafupi ndi moto kapena madzi. Kupweteka kwa mutu kukakula, akamasanza, akamangogona kapena mkono ukafooka, musadikire tsiku lolembedwa m'buku, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.