Kugulitsa mbatatesi ku Tsangano kulowe m'kalata yopempha malo

"Ndamaliza Fomu 4 koma sindinagwirepo ntchito. Akufuna kalata yonena za ine ndi chifukwa chomwe ndikufunira maphunziro a zaulimi. Ndilembamo chiyani? Ndimangothandiza amayi kugulitsa mbatatesi ku Tsangano."

Mng'ono wanga, lemba za mbatatesi zomwezo. Owerenga kalata ya wophunzira wochokera ku sekondale sayembekezera ntchito ya muofesi. Akufuna aone chomwe unaona ndi maso ako, chomwe unachitapo, ndi funso lomwe linakutsalira.

Ine ndinayamba ndi "ndimakonda ulimi kuyambira ndili mwana". Aphunzitsi anga anadula mzere wonsewo, amvekere aliyense amalemba choncho. M'malo mwake ndinafotokoza chaka chomwe chiwawu chinagwira munda wathu ku Bembeke: masamba kuda ngati owauka mvula itachita mvumbi, mbatatesi kuwolera m'matumba. Ndinalemba mmene tinayambira kupatula mbewu, ndi phunziro la Agriculture lomwe linandithandiza kumvetsa kuti matendawo amafala ndi chinyezi. Ndime ziwiri zinakwana pamenepo.

Iwenso tenga kope, ukhale pansi ndi amayi. Afunse matumba angati amawonongeka asanagulidwe, mwezi womwe mtengo umagwa, ndi amene amawerengera ndalama madzulo. Ngati ndiwe, lemba. Sankhapo nkhani imodzi, ithere pa funso lomwe ukufuna maphunzirowo akuyankhe. Usadzitche "manijala wa bizinesi". Akadzakufunsa pamaso udzasowa chonena.

Za kutalika kwa kalata ndi tsiku lotsekera, tsata zomwe sukuluyo kapena opereka thandizo alemba. Pomwe sipakumveka funsa ofesi yawo yolembera ophunzira, ndipo aphunzitsi ako a Chingerezi aiwerenge usanatumize.