VPN ikuyenda, koma adilesi yanga yeniyeni ikuonekabe

"Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili pa Ubuntu, ndikugwiritsa ntchito WireGuard ndi seva ya ku Netherlands. Pa ipleak.net adilesi yoyamba ndi ya seva, koma m'munsi mwake muli ina yaitali ya manambala ndi zilembo, komanso dzina la kampani imene ndimagulako intaneti. Ndisinthe VPN?"

Achimwene, musathamangire kusintha. Mabowo alipo awiri osiyana, ndipo ndikukhulupirira kuti onse ali mu fayilo yanu ya wg0.conf.

Loopsa kwambiri ndi la adilesi yaitaliyo. Imeneyo ndi IPv6. Kompyuta yanu ili ndi maadilesi a mitundu iwiri nthawi imodzi: wakale wa IPv4, wooneka ngati 203.0.113.7, ndi watsopano wooneka ngati 2001:db8::5. WireGuard imalowetsa mu mpita wake zokhazo zimene mwalemba pa mzere wa AllowedIPs. Mukalembapo 0.0.0.0/0 yokha, mwaiuza kuti itenge IPv4 yonse, koma za IPv6 simunanene kanthu, choncho zimangotulukira pa khomo la masiku onse. Chomvetsa chisoni n'chakuti tsamba likakhala ndi mitundu yonse iwiri, monga Google kapena Wikipedia, kompyuta imayamba yayesa IPv6. Ndiye kuti masamba akuluakulu omwewo ndi amene akuona adilesi yeniyeni ya pamene muli, uku VPN ikunena kuti zonse zili bwino.

Dzitsimikizireni nokha. VPN ili chiyakire, lembani:

```
curl -4 https://icanhazip.com
curl -6 https://icanhazip.com
```

Mzere woyamba ubwere ndi adilesi ya seva. Wachiwiri ubwere ndi IPv6 ya seva, kapena ukanike. Ukabwera ndi adilesi imene ikuyamba mofanana ndi imene mumaona VPN ili yozima, mukudontha. Yang'anani chigawo choyamba cha adilesiyo, chifukwa cha kumapeto kompyuta imachisinthasintha.

Bowo lachiwiri ndi la DNS. Musanafike pa tsamba lililonse, kompyuta imayamba yafunsa kuti dzina lakutili adilesi yake ndi iti. Ngati fayilo yanu ilibe mzere wa DNS, funsolo limapitabe kwa rauta ya m'nyumba, mwina 192.168.1.1, ndipo wg-quick siitseka njira ya ku zipangizo za m'nyumba mwanu. Rauta nayo imakafunsa ku kampani ya intaneti. Apa tsambalo siliona adilesi yanu yeniyeni, limangotha kuzindikira kampani ndi dziko lanu, koma kampaniyo imaona dzina lililonse limene mwafunsa, ngakhale sikuona zimene mukuwerenga. Kwa munthu amene anayatsa VPN pofuna kuti a netiweki asadziwe kumene akupita, ndiye kuti wagwira ntchito pachabe.

Konzani chonchi:

```
[Interface]
DNS = 10.8.0.1

[Peer]
AllowedIPs = 0.0.0.0/0, ::/0
```

10.8.0.1 ndangopereka chitsanzo, inu mulembe imene eni seva anakupatsani. Ngati seva ndi yanu ndipo siyankha mafunso a mayina, lembani 9.9.9.9 ya Quad9, mafunsowo adzadutsabe mu mpita. Kenako `sudo wg-quick down wg0`, mubwereze ndi `up`. Ikadandaula kuti resolvconf palibe, muyambe mwaika imeneyo, apo ayi siidzuka.

Mwina mufunsa kuti nanga seva ikakhala ilibe IPv6? Lembanibe ::/0. Zonse za IPv6 zidzalowa mu mpita n'kufera momwemo, ndipo bulawuza idzabwerera ku IPv4 yokha. Mapulogalamu ena amayamba adikira pang'ono asanabwerere. Kwa ine kudikirako ndi kwabwino kusiyana ndi kuonekera poyera. Ena amakonda kuzimiratu IPv6 pa kompyuta yonse. Zimatheka, koma sindilimbikitsa, chifukwa zikayakanso pa Wi-Fi ina simudziwa.

Mukatero, lembani `resolvectl status` muone ngati pansi pa wg0 pali adilesi ya DNS imene mwalemba ija, ndiponso `~.` pa mzere wa DNS Domain, kutanthauza kuti mayina onse azifunsidwa kumeneko. Kenako pitani pa dnsleaktest.com musankhe Extended test. Dzina la kampani yanu lisaonekepo ngakhale kamodzi. Chenjerani ndi Firefox: ngati DNS over HTTPS ndi yoyatsa, bulawuza imadzifunsira yokha kwina, mayeso n'kuoneka oyera pamene mapulogalamu ena akufunsabe kwa rauta. Muzime DNS over HTTPS poyesa.

Ine zinandigwerapo chifukwa ndinayesera pa netiweki ya kunyumba yopanda IPv6, `curl -6` n'kukanika, ndinaganiza kuti ndatetezeka. Nditapita kwina kumene IPv6 ilipo, fayilo yomweyo inali ikudontha sabata yathunthu ndisanazindikire. Inu muli ndi mwayi poti netiweki imene mulipoyo ili nayo, ndiye yeserani pomwepo mukangokonza, mutiuze zimene mzere wachiwiri uja wabweretsa.