Makwerero Otsetsereka Pakhoma: Nambala Ziti Zilowe Liti?

"Ndili m'chaka choyamba ku koleji. Atipatsa funso ili: makwerero a mamita 5 atsamira khoma, tsinde lake likutsetsereka kuchoka kukhoma pa liwiro la mamita 0.4 pa sekondi. Nsonga yake ikutsika pa liwiro lanji pamene tsinde lili mamita 3 kuchoka kukhoma? Ine ndikuthera pa 0 = 0. Ndikulakwitsa pati?"

Mukathera pa ziro choncho, ndiye kuti 3 uja mwamulowetsa nthawi yake isanakwane. Tiyambe ndi chojambula.

Jambulani khoma, nthaka ndi makwerero, mupeza thirayango yokhala ndi ngodya ya madigiri 90 pamene khoma lakumana ndi nthaka. Musanalembe nambala iliyonse pa chojambulacho, dzifunseni kuti makwerero akamatsetsereka, chikusintha n'chiyani ndipo chosasintha n'chiti. Kutalika kwa makwerero sikusintha, choncho 5 mulembeni pomwepo. Koma mtunda wochokera kukhoma kufika patsinde ukukula, ndipo msinkhu wa pamene nsonga yagunda khoma ukuchepa. Ziwirizi zipatseni zilembo: mtunda wa pansi ukhale x, msinkhu ukhale y. Nanga 3 uja? Iye akungotiuza pamene tsinde lafika pa kamphindi kamodzi kokha, monga chithunzi chojambulidwa munthu ali mkati mothamanga. Musungeni pambali kaye.

Lamulo la Pythagoras ndi limene likumanga x ndi y pamodzi nthawi yonse imene nsonga ikukhudza khoma:

x² + y² = 25

Apa ndi pamene mudasochera. Mutaika 3 m'malo mwa x ndi 4 m'malo mwa y mudapeza 9 + 16 = 25, zomwe n'zoona, koma mu ikwezhoni yotere mulibe choyenda. Nambala yokhazikika ukaidifarensheta imapereka ziro, n'chifukwa chake zonse zidafafanizika.

Difarenshetani zilembo zikadalipo, ndipo muchite motsata nthawi, t. Popeza x akusintha ndi nthawi, x² sapereka 2x yekha ayi. Lamulo la tcheni limafuna kuti muchulukitsenso ndi liwiro limene x mwiniyo akusinthira, lomwe ndi dx/dt. Chimodzimodzi kwa y². Kumanja, 25 apereka ziro.

2x(dx/dt) + 2y(dy/dt) = 0

Gawani ndi 2, ndipo dy/dt mumusiye yekha:

dy/dt = −(x/y)(dx/dt)

Tsopano nambala zilowe. Funso lakupatsani x = 3 ndi dx/dt = 0.4. Silidakuuzeni y, koma ikwezhoni yoyamba ija ikupatsani: y² = 25 − 9 = 16, choncho y = 4. Ndiye

dy/dt = −(3/4)(0.4) = −0.3

Nsonga ikutsika pa liwiro la mamita 0.3 pa sekondi. Chizindikiro chochotsera chija musachione ngati cholakwika: chikunena kuti y akuchepa. Chikadatuluka chophatikiza, bwenzi mukunena kuti nsonga ikukwera pamene tsinde likuthawa khoma, zimene sizingatheke, ndipo pamenepo mungadziwe nokha kuti penapake padumphidwa. Polemba yankho sankhani chimodzi: "dy/dt = −0.3 m/s" kapena "ikutsika pa 0.3 m/s". Mukati ikutsika pa −0.3, mwanena kutsikako kawiri.

Ndikupemphani kuti musaimire pamenepa, chifukwa chokoma cha funsoli chili patsogolo. Tsinde likupitirira pa liwiro lomwelo la 0.4, koma nsonga siisunga liwiro limodzi. Tsinde likafika pa mamita 4, y amakhala 3, ndipo nsonga ikutsika pafupifupi mamita 0.53 pa sekondi. Likafika pa 4.8, y watsala 1.4, ndipo liwiro lakwera kufika pafupifupi 1.37. Yang'anani pamene y wakhala mu fomula: ali pansi pa mzere wogawira. Akamayandikira ziro, liwiro likula popanda malire. Makwerero enieni sachita zimenezo. Nsonga imagwa ndi mphamvu yokokera zinthu pansi, ndipo imafika poti singathenso kutsika msanga mokwanira kuti ikhalebe pakhoma, ndiye imalekana nalo. Ikangolekana ndi khoma thirayango ija yatha, ndipo x² + y² = 25 sagwiranso ntchito.

Aphunzitsi amakondanso kulitembenuza funsoli n'kufunsa za ngodya θ ya pakati pa makwerero ndi nthaka. Njira ndi yomweyo. Lembani x = 5cos θ, mudifarenshete kuti mupeze dx/dt = −5 sin θ (dθ/dt). Pa kamphindi kathu kaja sin θ = 4/5, choncho 0.4 = −4(dθ/dt), ndipo dθ/dt = −0.1. Muyezo wake ndi marediyani pa sekondi, osati madigiri, chifukwa lamulo loti cos θ apereka −sin θ limaima pa marediyani. Ngati afuna madigiri, chulukitsani ndi 180/π, mupeza kuti ngodyayo ikuchepa ndi madigiri pafupifupi 5.7 pa sekondi.