Msana wagwira mutanyamula thumba: mugone kapena muziyenda?

"Ndimagulitsa kachewere pa Lizulu. Lachiwiri ndikukweza thumba m'lole ndinangomva kuti tswii m'chiuno, ndipo kuyambira pamenepo sindikutha kuwerama. Mayi a kunyumba akuti ndigone mpaka ndichire. Lero ndi tsiku lachitatu ndili pamphasa koma ululu sukusintha, m'mawa ndiye ndimauma ngati thabwa. Kodi ndipitirize kugona?"

Achimwene, pepani ndithu. Dzukani lero lomwe, koma mwapang'onopang'ono. Alamu anenazo ndi zachifundo, ndipo ambiri tinakula tikumva zomwezo. Ngakhale madokotala kale ankagoneka anthu a msana masabata athunthu. Anasiya ataona kuti amene amayendayenda ndiwo amachira msanga ndi kubwerera kuntchito, pomwe ogonawo amachedwa.

Tisanapitirire, dzifunseni izi. Kodi mkodzo ukukanika kutuluka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikungotuluka zokha? Kodi mukumva dzanzi pakati pa miyendo, kumaliseche kapena m'matako? Kodi mwendo wafooka moti phazi likukwekwereza pansi? Ngati chimodzi mwa izi chilipo, siyani kuwerenga, pezani galimoto mupite kuchipatala chachikulu ku Ntcheu kapena ku Dedza lero lino, chifukwa zimasonyeza kuti mitsempha yapanikizika ndipo kuchedwa kumalumaza. Chimodzimodzi ngati thupi likutentha, mukuwonda, kapena mukutuluka thukuta usiku, pakuti TB imagwiranso mafupa a msana, makamaka kwa amene ali ndi kachilombo ka HIV. Amene anagwa kuchokera pamwamba pa lole, kapena gogo amene mafupa ake afooka, nayenso akayezedwe. Ngati zonsezi palibe, nkhani yanu ndi ija yofala.

Pamene munawerama ndi thumba lija n'kupotokola thupi kuti muliponye m'galimoto, minofu ya m'chiuno ndi timinyewa tomanga mafupa a msana tinakokeka mopitirira muyezo. Malowo anatupa pang'ono mkatimo. Thupi pofuna kuteteza povulalapo linakunga minofu yonse yozungulira, ndipo kukungikaku ndiko kumapweteka kwambiri, nthawi zambiri kuposa bala lenilenilo. N'chifukwa chake munthu amayenda chopendekera ngati wathyoka pomwe fupa lili bwinobwino. Kukula kwa ululu sikutanthauza kukula kwa bala.

Tsopano taganizani zimene mphasa ikuchita. Mnofu wokungika umafunika kutambasuka ndi kufupika mobwerezabwereza kuti umasuke, ndipo kutero n'kumene kumayendetsa magazi pamalopo. Mukagona tsiku lonse, mnofuwo umangokhala chikungikire, mfundo za msana zimauma, ndiye mukati mudzuke ululu umabwera mwamphamvu. Inu mumaganiza kuti bala lakula, n'kugonanso. Kuuma kwa m'mawa kuja ndi umboni wake: usiku wonse simunasunthe, ndiye mumadzuka woipirapo. Kuzizira kwa kwanuko mu Juni ndi Julaye kumangowonjezera, chifukwa munthu amadzipinda m'bulangete osafuna kutembenuka.

Palinso tizidutswa tofewa tokhala pakati pa mafupa a msana, timene madokotala amati madisiki. Mkati mwake mulibe mitsempha ya magazi. Chakudya chake chimalowa ndi madzi a m'thupi, ndipo kuyenda kumathandiza madziwo kulowa ndi kutuluka pamene tizidutswato tikupanikizika ndi kumasuka. Minofu nayo ikapanda kugwira ntchito imayamba kufooka pa masiku ochepa chabe. Munthu wogona sabata ziwiri amadzuka ndi msana wopanda mphamvu, akakumana ndi thumba lomwe lija amavulalanso. Chimene chimandimvetsa chisoni kwambiri ndi mantha. Amene wagona nthawi yaitali amayamba kuopa kuwerama kulikonse, amayenda atadzilimbitsa, ndipo ululu umene ukanatha pa masabata ochepa umakhala miyezi.

Nanga muyambe bwanji? Podzuka pamphasa musadzuke chagada. Pindani mawondo, tembenukirani kumbali thupi lonse pamodzi, gwadani manja ali pansi, kenako gwirani mpando kapena khoma n'kuimirira. Musanayende, thowani m'chiunomo ndi nsalu yoviika m'madzi ofunda kwa mphindi 15 kapena 20. Madziwo akhale oti dzanja lingapirire. Mukatero yendani pabwalo mphindi 5 zokha, pamalo osalala, ndipo bwerezani pakatha ola limodzi kapena awiri. Mukatopa gonani pang'ono chammbali, pilo kapena chitenje chopinda chili pakati pa mawondo, koma masana musapitirire theka la ola. Muli chagada, mawondo opinda, mutha kuwagwedezera kumanja ndi kumanzere pang'onopang'ono kakhumi.

Mawa onjezerani zifike mphindi 10. Mkuja yendani mpaka kumsika, mukakhale pa malonda anu, muziwerengera ndalama ndi kukambirana mitengo, matumbawo anyamule anyamata. Musakhalitse pampando waufupi kapena pa thumba, imirirani pafupipafupi. Ulendo wa minibasi wopita ku Lilongwe kapena kabaza wa m'misewu ya mabampu uyambe wadikira, pakuti kukhala chopindika nthawi yaitali kumavuta msana wotere kuposa kuyenda pansi.

Poyendapo mumva kuwawa, zimenezo musadabwe nazo. Ululu umene ukubwera mukuyenda n'kuzirala mukapuma pang'ono si woopsa, pitirizani. Mukadzuka m'mawa mutaipirapo kuposa dzulo, ndiye kuti munawonjeza. Chepetsani ndi theka koma musasiye. Chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi kumene ululuwo ukulowera. Ukamachoka m'ntchafu kapena m'thako n'kubwerera pakati pa msana, zinthu zikuyenda bwino. Ukamatsikira kumwendo kupitirira bondo mpaka kuphazi, ndi dzanzi kapena kuyaka ngati moto, mtsempha wakhudzidwa, kaonaneni ndi adokotala. Ngakhale pamenepo nthawi zambiri adzakuuzani kuti muziyendabe.

Za mankhwala, ntchito yake ndi kuchepetsa ululu kuti muthe kuyenda. Brufeni amathandiza ambiri akamwedwa mutadya, kwa masiku ochepa, koma si wa munthu wa zilonda za m'mimba, wa vuto la impso kapena mayi woyembekezera, ndipo wa BP ayambe wafunsa kuchipatala. Musaphatikize brufeni ndi dikilofenaki kapena indosidi, onsewo ndi a banja limodzi ndipo pamodzi amawononga m'mimba. Panado payekha sachita zambiri pa msana. Mphini nazo sizifika pamene pali vuto, zimangowonjezera chilonda pakhungu. Ekisireyi musaivutikire pakadali pano. Imaonetsa mafupa, osati minofu yokokeka.

Anthu ambiri amayamba kupeza bwino sabata yoyamba kapena yachiwiri, ndipo pofika masabata 6 amakhala atachira kapena atatsala pang'ono. Ngati masabata awiri atha mukuyenda koma palibe kusintha ngakhale pang'ono, kapena ululu ukukulirakulira, pitani mukapimidwe.

Pobwerera ku matumba musayambire lodzaza. Matumba a kachewere a pa Lizulu, osokerera mpaka pamwamba aja, amalemera kuposa la feteleza la makilogalamu 50, ndipo si katundu wa munthu mmodzi. Mukafika poti mukuwerama ndi kuvala nsapato popanda vuto, yambani ndi ndowa imodzi, kenako theka la thumba, masiku angapo pa sitepe iliyonse. Katunduyo akhale pafupi ndi mimba, mawondo apinde, ndipo potembenukira ku lole sunthani mapazi m'malo mopotokola chiuno. Thumba lodzaza muzinyamula awiri, ndipo masana mukatopa, pumani kaye musanakweze lina.